Kusintha za pa sikirini, kunyezimira kwa galasi kuli pomwepo

Zithunzi zambiri zotsatsa matelevizhoni ndi malaputopu zimaonetsa sikirini yowala bwino, mitundu yake ili mbee. Kawirikawiri zimene zikuoneka pa sikirinipo anachita kuziikapo pa kompyuta, ndipo makampani ena amalemba zimenezi m'timalemba ting'onoting'ono pansi pa chithunzi. Chifukwa chake n'chakuti kamera ndi sikirini yoyaka sizimvana. Kamera ikatchedwa kuti chipinda chioneke bwino, sikirini imayera kwambiri, ndipo nthawi zina pamatuluka mizere yokhotakhota chifukwa timadontho ta sikirini tasemphana ndi ta kamera.

Kumata chithunzi chatsopano pamalopo n'kosavuta. Chimene chimaulula wophunzira ntchitoyi ndi galasi. Sikirini yeniyeni imanyezimira: zenera limaonekeramo, getsi limasiyapo kachigamba kowala. Zimenezi zikafufutika, diso limazindikira msanga kuti china chake chalakwika ngakhale mwini diso sangachitchule.

Titenge chitsanzo cha wogulitsa zamagetsi amene akufuna chithunzi cha laputopu ili patebulo, zenera likunyezimira pakona yakumanja ya sikirini. Wojambula wodziwa amayamba wazimitsa laputopuyo. Ikazima, pagalasi pamatsala mdima ndi kunyezimira kokhakokha, ndipo n'zimene adzazifune patsogolo.

Mu pulogalamu ya Photoshop zithunzi zimasanjikizana ngati mapepala oonekera, ndipo pepala lililonse amati leya. Wokonzayo amazunguliza malire a sikirini ndi Polygonal Lasso Tool, akudina pa ngodya zinayi, kenako amakanikiza Ctrl+J kuti galasi lozimalo likhale pa leya yakeyake. Akatero amabweretsa chithunzi chatsopano n'kuchiika pansi pa leya imeneyi. Ndi Edit > Transform > Distort amakoka ngodya iliyonse ya chithunzicho mpaka ikhale ndendende pangodya ya sikirini, popeza laputopu yojambulidwa cham'mbali siioneka yofanana mbali zonse. Ogwiritsa GIMP, yomwe ndi yaulere, amachita zomwezi ndi Perspective. Chithunzicho chifanane muyeso ndi sikirini: ngati sikirini ndi ya 16:9, cha 1920 ndi 1080 chimakwana bwino, koma cha muyeso wina chimafunika kudula kaye, apo ayi nkhope za anthu zimatuluka zotambasuka.

Luso lenileni lili pa leya ya galasi ija. Pakadali pano yaphimba zonse, koma akaisintha kuchoka pa Normal kupita pa Screen, mdima wake umasowa ndipo zowala zokha n'zimene zimatsala pamwamba pa chithunzi chatsopano. Umu ndi mmenenso galasi limachitira: kuwala kochokera pazenera kumangowonjezera pa kuwala kwa sikirini, sikuchotsapo kanthu. Masamu ake ndi awa, mdima ukakhala 0 ndipo kuyera kukakhala 1:

```
1 - (1 - a) * (1 - b)
```

Kadontho ka chithunzi chatsopano kakakhala pa 0.5, ndipo kunyezimira pamalopo n'kukhala 0.2, kadonthoko kamakwera kufika pa 0.6. Pamene galasi linali lakuda bii, kamakhalabe pa 0.5. N'chifukwa chake zenera limaoneka kwambiri pamalo akuda a chithunzi, n'kumazilala pamalo owala, monga zimakhalira pa televizhoni ya pabalaza masana.

Vuto limene ambiri amakumana nalo n'lakuti sikirini yozima siikhala yakuda kwenikweni pachithunzi, imakhala yotuwa. Kutuwako kumalowa ponseponse ndipo chithunzi chatsopano chimaoneka ngati chili mu nkhungu. Mankhwala ake ndi Levels: pa leya ya galasi, kachizindikiro kakuda amakakokera kumanja pang'onopang'ono mpaka kutuwa kuthe, zenera lokha litsale. Akakokera mopyola, m'mphepete mwa kunyezimira mumauma ngati modulidwa. Kunyezimira kukachulukabe, amatsitsa Opacity.

Chithunzi chomatacho chimabwera chakuthwa kuposa tebulo ndi kiyibodi zochizungulira, choncho Gaussian Blur pang'ono ndi Add Noise pang'ono zimachifananitsa ndi zinzake. Ngati chala cha munthu chinadutsa patsogolo pa sikirini, chimafunika kuchidula payekha n'kuchibwezera pamwamba pa maleya onse.

Nanga sikirini ikajambulidwa ili yoyaka? Apa njira ija imakanika, chifukwa Screen siisiyanitsa kuwala kwa zenera ndi kuwala kwa zakale zija. Zonse zimatulukira limodzi. Wokonza amayenera kujambula kunyezimirako ndi dzanja pa leya yatsopano, ndi utoto woyera wozilala pang'onopang'ono, akuyang'ana kumene kuwala kukuchokera m'chipindamo. Mtundu umene sikirini yakale inamwaza pa kiyibodi kapena pankhope ya munthu nawonso uyenera kusinthidwa, chifukwa kiyibodi yobiriwira pansi pa chithunzi chofiira imaulula zonse. Ntchito imeneyi imatenga nthawi yaitali, n'chifukwa chake wojambula wokhala ndi choimikira kamera amajambula kawiri osasuntha kamera: kamodzi sikirini ili yoyaka, kamodzi itazima.