Nambala Ili Kumanja, Dzina Lili Kumanzere: Mmene INDEX, MATCH ndi XLOOKUP Zimapezera Yankho

Mlembi wa m'sitolo ali ndi ndandanda ya katundu mu Excel. Kolamu A, yomwe ndi mzere wotsika woyamba kumanzere, ili ndi mayina a katundu. B ili ndi mitengo, C ili ndi kuchuluka kwa zotsala, ndipo D, kumapeto kwenikweni kumanja, ili ndi nambala zodziwira katunduyo. Mzere wopingasa woyamba ndi wa mitu. Katundu akuyambira mzere wa 2 kukafika wa 6. Tikachotsapo B ndi C, ndandandayo ikuoneka chonchi:

```
     A          D
2    Shuga      K104
3    Mafuta     K101
4    Sopo       K105
5    Mchere     K102
6    Mpunga     K103
```

Chimene mlembiyu akufuna n'chakuti akalemba K102 m'kabokosi ka F2, dzina la katunduyo lizituluka lokha pambali pake. Fomula imene anthu ambiri amayamba kuiganizira ndi VLOOKUP, ndipo pano imakanika.

Kukanikako kumachokera pa kapangidwe kake. VLOOKUP imalandira chigawo chimodzi cha ndandanda, mwachitsanzo A2:D6, ndipo imafufuza m'kolamu yoyamba yokha ya chigawocho. Ikapeza chomwe ikufuna, imawerenga makolamu kupita kumanja malinga ndi nambala imene wolemba fomula waipatsa: 1 ndi kolamu yofufuzamoyo, 2 ndi yotsatira, kumapita choncho. Mlembi akasankha A2:D6, fomula imasaka K102 pakati pa mayina a Shuga ndi Sopo, n'kubweza #N/A, kutanthauza kuti sinapeze. Akayambira chigawocho pa D kuti kusakako kuchitike pamalo oyenera, kolamu A imatsala kunja, ndipo palibe nambala imene ingaifikire. Ena amayesa kulemba -3 kuti fomula ibwerere m'mbuyo, koma nambala iliyonse yochepera 1 imangotulutsa #VALUE!.

Pofuna kuthawa vutoli, ambiri amadula kolamu D n'kukaimata kutsogolo kwa A. Zimagwira ntchito ndithu, koma ndandanda ikakhala yochokera ku makina a sitolo kapena ku ofesi ina mwezi uliwonse, ntchito yosunthayo imabwerezedwa mwezi uliwonsenso, ndipo tsiku lina munthu adzaiwala.

INDEX ndi MATCH zimagawa ntchitoyi pawiri. MATCH sibweza dzina kapena mtengo. Imangonena kuti chinthu chili pa malo achingati m'ndandanda yomwe yapatsidwa.

```
=MATCH(F2,D2:D6,0)
```

Fomula iyi imatsika m'kolamu D: K104 ndi yoyamba, K101 yachiwiri, K105 yachitatu, K102 yachinayi. Yankho ndi 4. Apa wowerenga atcheru aona kuti K102 ili mu mzere wa 5 wa tsambalo, komabe yankho ndi 4, chifukwa MATCH imayamba kuwerenga pa kabokosi koyamba ka chigawo chake, komwe ndi D2.

INDEX nayo sisaka kanthu. Imalandira ndandanda ndi nambala, n'kubweza chomwe chili pa malo amenewo. Ikauzidwa kuti itenge chachinayi mu A2:A6, imatulutsa Mchere. Zikaphatikizidwa, fomula yake ndi iyi:

```
=INDEX(A2:A6,MATCH(F2,D2:D6,0))
```

Chomwe chimachoka ku MATCH kupita ku INDEX ndi nambala 4 yokha. Nambalayo ikunena za kutsika, siikunena za kumanja kapena kumanzere. MATCH sidziwa kuti kolamu A iliko, INDEX nayonso sidziwa kumene D ili. Zili ngati mphunzitsi amene ali ndi mapepala awiri olembedwa mu dongosolo limodzi, lina la mayina, lina la nambala za mayeso: akapeza nambala pa malo achinayi papepala lina, amawerenga dzina lachinayi pa linzake, posatengera kuti pepala liti lili kudzanja liti. N'chifukwa chake ndandanda ziwirizo zitha kukhala pamasamba osiyana a failo imodzi, fomula n'kugwirabe ntchito.

Pali phindu linanso lotulukira pomwepa. Wina akalowetsa kolamu yatsopano pakati pa ndandanda, Excel imasintha yokha maadiresi a A2:A6 ndi D2:D6 kuti azilozabe makolamu omwewo. Nambala ya kolamu yolembedwa pamanja mu VLOOKUP siisintha, choncho fomula imene inkabweza mitengo imayamba kubweza zina popanda kuchenjeza.

Ufulu wa INDEX ndi MATCH uli ndi choopsa chake, ndipo ichi n'chimene wolemba fomula ayenera kusamala nacho kuposa zonse. Poti ndandanda ziwirizo zimalumikizana ndi nambala yokha, ziyenera kuyambira pa mzere umodzi. Tiyerekeze kuti mlembi, posankha ndi mausi, waphatikiza mutu n'kulemba A1:A6, pomwe kwa MATCH wasiya D2:D6. MATCH ibwezabe 4, koma chachinayi mu A1:A6 ndi A4, momwe muli Sopo. Excel sionetsa cholakwa chilichonse. Dzina lililonse likhala la katundu wa mzere wapamwamba pake, ndipo ngati fomulayo ikutenga mitengo, kasitomala wogula mchere alipira mtengo wa sopo. Njira yogwirira vutoli ndi kuyesa nambala yoyamba m'ndandanda: K104 ikatulutsa mutu wa kolamu m'malo mwa Shuga, ndiye kuti zigawozo zaphonyana. Vuto lina limachitika pokokera fomula m'munsi popanda chizindikiro cha $, chifukwa maadiresi amatsetsereka mpaka katundu wapamwamba amatuluka m'chigawo. Kulemba $A$2:$A$6 ndi $D$2:$D$6 kumawakhomerera pamalo.

Nayenso 0 wa kumapeto kwa MATCH sayenera kusiyidwa. Amatanthauza kuti fomula ipeze chofanana ndendende. Akasiyidwa, Excel imatenga 1, imene imayembekezera kuti ndandanda yasanjidwa kuyambira chaching'ono, ndipo pa nambala zosakanikirana ngati za mlembiyu ikhoza kubweza dzina lolakwika mwakachetechete.

XLOOKUP, imene kampani ya Microsoft inalengeza mu 2019, inatenga ganizo lomweli la ndandanda ziwiri n'kuliika mu fomula imodzi:

```
=XLOOKUP(F2,D2:D6,A2:A6,"Palibe")
```

Choyamba ndi chosakidwa, chachiwiri ndi kosakako, chachitatu ndi kotenga yankho. Palibe kuwerenga makolamu, choncho funso la kumanja ndi kumanzere silibuka n'komwe. Gawo lachinayi, lomwe munthu angalisiye, ndi mawu oti aoneke chinthu chikasowa, m'malo mwa #N/A. XLOOKUP imasaka chofanana ndendende popanda kuuzidwa, ndipo ndandanda ziwirizo zikasiyana kutalika, monga A1:A6 ndi D2:D6, imakana ndi #VALUE!. Pamenepa imateteza mlembi kuposa INDEX ndi MATCH. Koma chitetezocho chili ndi malire: A1:A5 ndi D2:D6 n'zofanana kutalika, ndipo XLOOKUP imazilandira n'kubweza Sopo.

Kusankha pakati pa njira ziwirizi kumatengera makompyuta amene azitsegula failoyo. XLOOKUP ilipo mu Microsoft 365 ndi mu Excel 2021 kupita m'tsogolo. Google Sheets inailandira mu 2022, ndipo LibreOffice Calc mu 2024. Mu Excel 2016 ndi Excel 2019 mulibe. Failo ikatsegulidwa kumeneko, fomula imaoneka ngati _xlfn.XLOOKUP, ndipo ikawerengedwanso imatulutsa #NAME?. Ngati ndandanda ya mlembiyu izitumizidwa ku nthambi ina ya sitolo kumene kompyuta ikadali ndi Excel 2016, ndi bwino alembe INDEX ndi MATCH, ayese K104 ndi K103 kuti aone ngati Shuga ndi Mpunga zikutuluka, kenako atumize.