Malire a bowo la bawuti: kuchoka pa sikweya kupita pa bwalo

Palibe makina amene amaboola chitsulo pamalo enieni osaphonya ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake pulani ya injiniya imanena kukula kwa kuphonya kololedwa. Njira yakale imalemba ±0.1 mm chopingasa ndi ±0.1 mm choimirira, kutanthauza kuti pakati pa bowo payenera kugwera m'kasikweya ka mamilimita 0.2 mbali zonse.

Vuto la sikweya lili m'ngodya zake. Bowo lophonya ndi 0.1 chopingasa komanso 0.1 choimirira limakhala pangodya penipeni, mamilimita 0.141 kuchoka pamalo ake, ndipo woyeza amalivomera. Lina lophonya ndi 0.13 chopingasa ndi 0.03 choimirira latalikira ndi 0.133 basi, koma limakanidwa chifukwa ladumpha 0.1. Chitsulo chabwinopo n'chimene chatayidwa. Komatu bawuti ndi yobulungira ndipo bowo nalo ndi lobulungira, choncho chofunika ndi mtunda umene bowo laphonya, osati mbali imene lalowera.

Malamulo a ASME Y14.5 ndi ISO 1101 amalola kuti malirewa akhale bwalo. Posintha, amajambula bwalo lokhudza ngodya zinayi za sikweya ija, ndipo dayamita yake ndi mzere wochoka pangodya imodzi kukafika pangodya yoyang'anana nayo:

```
D = 2 × √(0.1² + 0.1²) = 0.283
```

Pa pulani amalembapo ⌀0.28, kudulira pansi kuti asapitirire zimene zinkaloledwa kale. Miyeso yosonyeza malo a bowo imachotsedwa ± n'kuikidwa m'timabokosi, ndipo amatchula mbali za chitsulo zimene woyeza ayambirepo. Bwalo la 0.283 limaposa sikweya ndi 57 peresenti, chikhalirecho palibe bowo limene laloledwa kupita kutali kuposa kale.

Woyeza amagwiritsa ntchito masamu omwewo. Pa bowo lokanidwa lija, 2 × √(0.13² + 0.03²) imapereka 0.267, yomwe ndi yochepera 0.28, motero chitsulo chapulumuka. Ambiri amalakwitsa poiwala kuchulukitsa ndi 2: amayerekeza 0.133 ndi 0.28, n'kumavomera mabowo ophonya kuwirikiza kawiri. Zimadziwika mochedwa, mabawuti akayamba kukana kulowa pomanga.

Kusinthaku kumadalira kuti ngodya za sikweya zinali zotetezeka kuyambira pachiyambi, ndipo injiniya wosamala amatsimikiza kaye. Ngati bawuti ya M6 ikudutsa zitsulo ziwiri zokhala ndi mabowo osachepera 6.6, mpata wotsala ndi 0.6, ndipo chitsulo chilichonse chingalandire ⌀0.6. Bawutiyo ikamamangidwa m'mazinga a chitsulo chimodzi, mpatawo umagawidwa pawiri, 0.3 chilichonse, ndipo 0.28 ikukwanabe. Koma pamene pulani yapanikiza dala mbali imodzi, monga ±0.05 kuno ndi ±0.2 uko chifukwa bowo lili pafupi ndi m'mphepete, bwalo lingalole bowo kusendera ndi 0.206 kumbali yoopsayo, ndipo malire oterewa sayenera kusinthidwa.