Fomu ya Yunivesite Ikafika Pakhomo: Udokotala Kapena za Kumtima Kwako?

Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, mwana amene wakhoza bwino amasintha dzina tsiku lomwelo. Achibale amayamba kumuitana kuti "adokotala", ena "aloya", nthungululu zili m'mwamba. Poyamba zimamveka ngati nthabwala. Koma bungwe la NCHE likalengeza kuti ofuna malo m'mayunivesite aboma ayambe kulembetsa, nthabwala ija imasanduka lamulo, ndipo mwana amene mtima wake uli kwina amayamba kusowa tulo.

Makolo sanazitole pamsewu ntchito ziwirizi. Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Hastings Kamuzu Banda, anabwera mu 1958 ali kale dokotala wophunzira ku Amereka ndi ku Scotland, ndipo dzina loti "Dokotala" linamera mizu limodzi ndi ulamuliro wake. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anatchuka ngati maloya oyambirira achimalawi. Kwa nthawi yaitali wofuna udokotala ankayenera kuwoloka malire, chifukwa sukulu ya madokotala ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1991. Kholo lomwe linakula nthawi imeneyo likamati "udzakhale dokotala", limanena za ntchito yomwe silinaonepo mwini wake akuyenda ndi envulopu kusaka ganyu. Limanena za chakudya cha mawa, za fizi ya ang'ono ako, ndi za munthu woti adzaliyang'ane likadzagonekedwa m'chipatala. Ulemu wa pamudzi uliponso, tisanamizane, koma kawirikawiri umabwera pambuyo pa mantha a umphawi.

N'chifukwa chake yankho loti "ine sindizikonda" silipita patali. Kholo lafunsa za chakudya, mwana wayankha za chikondi. Mwana amene akufuna kumvedwa ayenera kuyankha funso lomwe lafunsidwalo, ndipo mayankho ake ali m'mapepala omwe ali nawo kale m'manja.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Dedza amene wapeza mapoyinti 9. Bambo ake ndi mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo fizi ya kusekondale ankathandiza kulipira ndi amalume ake. Onse awiri agwirizana kuti pamwamba pa fomu palembedwe udokotala ku KUHeS. Iye akufuna kukaphunzira za mbewu ndi nthaka ku Bunda, pa yunivesite ya LUANAR. Atangotchula zimenezi, amalume anaseka n'kunena kuti, "Tinakutumiza kusukulu kuti uthawe khasu, ndiye ukufuna digiri ya khasu lomwelo?"

Choyamba chomwe mtsikanayu ayenera kuchita ndi kuwerenga bwino chikalata cha zotsatira zake, osati nambala 9 yokhayo. Mapoyinti a MSCE amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi omwe munthu wakhoza kwambiri, Chingerezi chili pomwepo. Giredi 1 ndi 2 ndiye apamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti. Tinene kuti iye anapeza 1 pa Masamu, 1 pa Zaulimi, 1 pa Jogalafe, ndi 2 pa Chingerezi, Bayoloje ndi Fizikisi. Zonse pamodzi ndi 9. Koma Kemisitiri anapeza 4, ndipo poti ndi phunziro lachisanu ndi chiwiri, silinalowe m'chiwerengero chomwe mudzi wonse ukuimbira nthungululu. Kusukulu ya madokotala phunziro limeneli silibisika. Maphunziro aliwonse pa fomu ali ndi zofunika zakezake, ndipo udokotala umayang'ana kwambiri Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi ndi Masamu. Malo ndi ochepa, ndipo olimbirana nawo ambiri ali ndi 1 kapena 2 paliponse. Bambo ake ndi mphunzitsi, ndipo akaonetsedwa chikalata cha zofunikazi pambali pa magiredi a mwana wawo, adzamva msanga kuposa akanangomva kulira.

Koma tisabisale kumbuyo kwa Kemisitiri. Alipo ana omwe magiredi awo ndi okwanira bwinobwino, koma safuna basi. Amenewo nkhani yawo yagona pa kutalika kwa ulendo ndi mtundu wa ntchitoyo.

Wochokera ku MSCE amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera, kenaka zaka zisanu za udokotala weniweni. Akamaliza amagwira ntchito moyang'aniridwa m'chipatala chachikulu kwa miyezi 18, asanalembedwe m'kaundula wa bungwe la Medical Council of Malawi ngati dokotala woima payekha. Ndiye kuti kwa zaka zisanu ndi chimodzi banja limatumiza ndalama, silimalandira. Digiri ya ku Bunda yomwe mtsikana uja akufuna imatenga zaka zinayi. Ngati mng'ono wake akuyamba Fomu 1 chaka chino, adzakhala atalemba kale MSCE mkulu wake asanalandire malipiro oyamba a udokotala. Amalume omwe akuwerengera kuti "adokotala" adzawalandira katundu wa fizi ayenera kumva masamu amenewa poyera, chifukwa mwina sanawachitepo. Ngongole ya boma ya ophunzira osowa, yomwe imaperekedwa ndi bungwe la HESLGB, imathandiza, koma ndi ngongole ndithu, ndipo zaka zikamachuluka nayonso imakula.

Ndiye pali zomwe zimachitika m'kati mwa zaka zimenezo. Wophunzira udokotala amayamba ndi kuphunzira thupi la munthu pa mitembo. Pambuyo pake amalowa m'mawodi a ku Gulupu kapena ku Kamuzu Central, komwe amachezera usiku, kugwira mabala onunkha, ndi kuima pambali pa mayi amene mwana wake wangotsirizika. Amene analowa ndi mtima wonse zimamulemera, nanga amene analowa kuti asangalatse amalume? Zizindikiro zimaoneka msanga kwa amene akufuna kuona. Mwana amene ankakhoza mosavutikira amayamba kulemba masapu, mayeso obwereza aja, semesita iliyonse. Amasiya kuimba foni kunyumba, kapena akaimba amangoti "zili bwino" n'kudula. Patchuthi safuna kumva dzina loti adokotala. Mapeto oipitsitsa ndi omwe ophunzira amawatcha kuwididwa, kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera. Amabwerera kumudzi patapita zaka ziwiri kapena zitatu, opanda pepala lililonse, anzake omwe anali nawo Fomu 4 atatsala pang'ono kuvala gauni. Ine ndimaona kuti kholo lililonse liyenera kuuzidwa za mapeto amenewa fomu isanalembedwe, ngakhale kuwatchula kumaoneka ngati kulodza mwana.

Za uloya n'zosavutirapo, ndipo mabanja ambiri amakangana pachabe. Ku yunivesite ya Malawi, ku Zomba, munthu salowa maphunziro a zamalamulo kuchokera ku MSCE mwachindunji. Amayamba waphunzira zina kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo, n'kukhoza bwino, kenaka n'kupempha malo ndi kupikisana ndi ena. Choncho mwana amene akukakamizidwa uloya angathe kunena moona kuti, "Ababa, ndiloleni ndiyambe zomwe ndikufunazi, khomo la zamalamulo silitsekeka chaka chino." Chaka chikamatha, onse awiri amakhala ataona zambiri. Koma mawu amenewa anenedwe ndi mtima woona, osati ngati njira yogonetsa akuluakulu tulo.

Tibwerere kwa mtsikana wa ku Dedza. Akamaliza kufotokoza chifukwa chomwe sakufunira udokotala, wangoyenda theka la ulendo. Funso la amalume likadalipo: digiri ya khasuyo idzakudyetsa chiyani? Apa m'pamene ana ambiri amagwera, chifukwa amadziwa zomwe akuthawa koma sadziwa bwino komwe akupita. Ayenera kutchula malo enieni. Kuli kafukufuku wa mbewu ku Chitedze ndi ku Bvumbwe. Kuli minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, makampani opanga mbewu, mabungwe ogwira ntchito ndi alimi, ulangizi wa boma, ndi ntchito yaikulu ya ulimi wothirira ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Chabwino koposa n'kupeza munthu mmodzi amene anaphunzira zimenezi ndipo akudya nazo, n'kumupempha kuti alankhule ndi bambo ake ngakhale pafoni. Asabisenso kuti alipo omaliza ku Bunda omwe akhala nthawi yaitali osalembedwa ntchito. Amalume akuwadziwa kale anthu otero, ndipo akaona kuti mwana akuwazemba adzakayikira zonse zomwe wanena.

Kalankhulidwe nakonso kali ndi malo ake. Nkhani ngati iyi siyoyambitsa pa mphasa pali alendo, kapena pamene amalume angomutchula kuti adokotala pamaso pa anthu, chifukwa munthu wamkulu akatsutsidwa pagulu amateteza ulemu wake, osati mfundo. Ambiri amayambira kwa mayi, kuseri, kuti iwo akakonze njira. Ena amadzera kwa azakhali, kwa abusa kapena shehe, kapena kwa mphunzitsi amene anawaphunzitsa Fomu 4. Mphunzitsiyu ndi mboni yamphamvu, chifukwa anamuona mwanayo pa Kemisitiri komanso m'dimba la sukulu. Ndipo kwa amalume omwe anagulitsa mbuzi kuti fizi ikwane, mawu oyamba akhale othokoza. "Amalume, popanda inu sindikanafika pano. Ndikufuna mundimve kaye, kenaka mundiuze pomwe ndalakwitsa." Amene walipira ali ndi ufulu wofunsa mafunso ovuta ndi kuyankhidwa mokwanira. Sindikhulupirira kuti ali ndi ufulu wogwira cholembera.

Pali misampha iwiri pa fomu penipenipo. Woyamba ndi wolemba udokotala pamwamba kuti pakhomo pakhale mtendere, mumtima ukuti "sanditenga". Nanga akakutenga? Kusintha maphunziro utasankhidwa kale si chinthu chapafupi: kumadalira malo ndi malamulo a yunivesiteyo, ndipo kuchoka ku KUHeS kupita ku LUANAR n'kusamuka sukulu yathunthu. Msampha wachiwiri ndi wouza makolo kuti walemba udokotala pamene walemba zina. Mayina a osankhidwa amatuluka poyera, maphunziro ake ali pambali, ndipo amalume adzawerenga okha pafoni. Kuyambira tsiku limenelo mkangano sukhalanso wa Bunda, umakhala wa bodza, ndipo wonamizidwayo ndi yemweyo amene ukamupemphe ndalama ya thiransipoti ndi ya chakudya.

Nthawi zina zonsezi zimachitika mwadongosolo koma amalume n'kunenabe kuti, "Ngati ndi zaulimi, ndalama yanga iwalako." Zimachitika, ndipo mtsikanayo ayenera kukhala atawerengeratu: fizi ya chaka ndi zingati, malo ogona ndi chakudya ndi zingati, bambo angakwanitse mbali iti pa malipiro a uphunzitsi, ndipo fomu ya ngongole ya HESLGB imafuna zikalata ziti ndi siginecha za ndani. Ngati masamuwo sakutheka popanda amalume, ndi bwino adziwe zimenezi masiku olembetsa asanathe, kuti azakhali ndi aphunzitsi aja akhale ndi nthawi yobwereranso kwa amalume kachiwiri.