Kuthyola Zithunzi mu Kanema: Mmene ffmpeg Imawerengera Nthawi

Kanema wa ukwati wa maola 2, wojambulidwa pafoni, amakhala ndi zithunzi pafupifupi 216,000. Foni zambiri zimatola zithunzi 30 pa sekondi iliyonse, ndipo zikamadutsa mothamanga chonchi maso amaona ngati anthu akuvinadi. Ndiye wojambula akauzidwa ndi eni ukwati kuti akufuna zithunzi zoti akatsukitse n'kukoleka pakhoma, zithunzizo ali nazo kale. Chomuvuta n'kuzitulutsa.

Ambiri amaimitsa kanemayo, kujambula zimene zili pasikirini, kumuyendetsanso, mpaka khosi kuuma. Pulogalamu yotchedwa ffmpeg imagwira ntchito yomweyi ndi mzere umodzi wa mawu. Anaiyambitsa ndi Fabrice Bellard wa ku France m'chaka cha 2000, ndi yaulere, ndipo imagwira pa Windows, Linux ndi macOS. Ilibe mabatani odina. Munthu amatsegula zenera lolembamo malamulo, kulowa mufoda imene muli kanemayo, n'kulemba kuti:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -vf fps=1/10 zithunzi/c_%04d.jpg
```

Mawu akuti `-i ukwati.mp4` akutchula kanema woti awerengedwe. Mtima wa lamuloli ndi `fps=1/10`, kutanthauza chithunzi chimodzi pa masekondi 10 aliwonse. Wofuna chimodzi pa sekondi amalemba `fps=1`, wofuna chimodzi pa mphindi amalemba `fps=1/60`. Pamenepa pamafunika maso, chifukwa amene waiwala `1/` n'kulemba `fps=10` wapempha zithunzi 10 pa sekondi. Pa kanema wa ukwati uja, m'malo mwa zithunzi pafupifupi 720 apeza 72,000, ndipo adzazindikira kompyuta ikamadandaula kuti malo atha.

Mbali yomaliza ikupereka mayina. Chizindikiro cha `%04d` chimauza pulogalamuyi kuti iike nambala ya manambala anayi, choncho mafayilo amatuluka ngati `c_0001.jpg`, `c_0002.jpg`, mpaka kumapeto. Maziro akutsogolowo si okongoletsa: popanda iwo, mapulogalamu ena amaika chithunzi cha 10 patsogolo pa chachiwiri posanja mayina. Foda ya `zithunzi` iyenera kupangidwa kaye, poti ffmpeg siipanga yokha ndipo ikaisowa imangoima. China chimene chimapweteka anthu n'chakuti lamuloli likalembedwa kachiwiri ndi mayina omwewo, zithunzi zatsopano zimafufuta zakale osafunsa n'komwe.

Tsopano pali chinthu chimene chimadabwitsa ngakhale ozolowera. Munthu amayembekezera kuti chithunzi choyamba chichokera pachiyambi penipeni pa kanema, chachiwiri pa sekondi ya 10, chachitatu pa ya 20. Akatsegula `c_0001.jpg` amapeza kuti chachokera cha pa sekondi yachisanu, chotsatira cha pa ya 15. Pulogalamu sinalakwitse ayi. Sefa ya `fps` imatenga nthawi ya chithunzi chilichonse n'kuikankhira ku malire amene ali pafupi. Zithunzi zonse za masekondi asanu oyambirira zimagwera pa ziro, za pakati pa 5 ndi 15 zimagwera pa 10, ndipo pa gulu lililonse chimene chimasungidwa ndi chomalizira. Pa masekondi 10 kusiyanaku n'kochepa, koma pa `fps=1/60` kumafika theka la mphindi.

Wongofuna zithunzi zokongola sangadandaule nazo. Koma wa golosale amene akufufuza mu kanema wa kamera yachitetezo kuti katoni inachoka nthawi yanji pashelefu, theka la mphindi lingamulozetse chala munthu wosalakwa. Mankhwala ake ndi kuuza sefayo kuti izikankhira nthawi kutsogolo:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -vf fps=1/10:round=up -q:v 2 zithunzi/c_%04d.jpg
```

Zikatero zithunzi zimachokera pa 0, 10, 20 ndi kupitirira, ndipo nambala ya fayilo imasanduka wotchi. Tinene kuti mkwatibwi wakonda `c_0145.jpg`, pamene ankadyetsana keke. Kuchotsa 1 pa 145 kumatsala 144, kuchulukitsa ndi 10 kumapereka masekondi 1,440, omwe ndi mphindi 24 ndendende. Wojambula akudziwa tsopano pokayang'ana.

Mu lamulo lachiwirili mwalowanso `-q:v 2`. Nambala imeneyi imalamula ubwino wa chithunzi cha JPEG, ndipo imayenda chafutambuyo: 2 ndi chooneka bwino kwambiri, 31 ndi chophwanyika. Ikasiyidwa, pulogalamu imasankha yokha, ndipo kawirikawiri nkhope zimatuluka ndi timabokosibokosi, makamaka m'malo amdima. Kusintha mapeto a dzina kukhala `.png` kumasunga chithunzi popanda kutaya kanthu, kungoti fayilo iliyonse imalemera kangapo kuposa ya JPEG. Posankha zithunzi JPEG imakwanira. PNG ndi yosungira chimodzi chimene chapambana.

Chithunzi cha 145 chija chikhoza kukhala chabwino koma mkwati atatsinzina. Mpata wa masekondi 10 sudziwa kuti munthu waphethira, umangotola chimene wapeza. Apa ndi pamene wodziwa ntchito amabwerera pamalo omwewo ndi sefa yothina:

```
ffmpeg -ss 00:23:58 -t 4 -i ukwati.mp4 foda2/k_%03d.png
```

Lamuloli likudumphira pa mphindi 23 ndi masekondi 58, kuwerenga masekondi anayi okha, n'kutulutsa zithunzi zonse zili mmenemo, zomwe ndi 120. Pakati pa zimenezi chimapezeka china chimene onse awiri maso ali tong'o, akumwetulira.

Malo a `-ss` ndi ofunika. Ikalembedwa patsogolo pa `-i`, pulogalamu imalumpha n'kufika pafupi ndi malowo nthawi yomweyo. Ikalembedwa pambuyo pake, imamasulira kanema yense kuchokera pachiyambi, kumataya zimene yamasulirazo mpaka itafika. Chifukwa chake chili mu kasungidwe ka kanema. Fayilo ya MP4 simasunga chithunzi chilichonse chathunthu. Imasunga chathunthu apa ndi apo, ndipo zapakati zimangolemba zimene zasintha kuchokera pa zinzake. Kuti chithunzi chimodzi chapakati chioneke, kompyuta iyenera kuyambira pa chathunthu chapafupi n'kumanga zotsatira. N'chifukwa chakenso lamulo loyamba lija limatenga nthawi ngakhale likutulutsa zithunzi 720 zokha: limamasulira zonse 216,000 n'kutaya zotsalazo.

Ena amakonda kuwerenga zithunzi m'malo mwa masekondi, pogwiritsa ntchito sefa ya `select` kuti itole chimodzi pa 300 zilizonse. Pa kanema woyenda mosasintha pa 30, zimenezi n'chimodzimodzi ndi masekondi 10. Koma foni zambiri zimasinthasintha liwiro, ndipo zina zimalichepetsa kukada kuti kuwala kulowe kokwanira. Phwando likafika madzulo, zithunzi 300 sizikhalanso masekondi 10, ndipo masamu a nambala ya fayilo aja amasokonekera. Pa kanema wa pafoni, kuwerenga nthawi ndiye kodalirika.

Chimene ffmpeg singathe ndi kuwonjezera zimene kamera sinatole. Kanema wa 1920 kwa 1080 amapereka chithunzi cha timadontho pafupifupi 2 miliyoni, chokwanira chithunzi cha mu alubamu koma chosakwanira chinsalu chachikulu chokoleka muholo. Dzanja loponya ndalama pa perekaniperekani limatuluka lachimbuuzi, poti linali kuyenda pamene kamera inkatola. Ndipo kanema amene wadutsa pa WhatsApp nthawi zambiri amakhala atafinyidwa kale, moti `-q:v 2` imangosunga mokhulupirika timabokosi timene tinalowa potumiza. Wojambula wanzeru amapempha fayilo yoyambirira, yokopedwa ndi chingwe kapena pa memole khadi kuchokera mufoni imene inajambula.