MONI WA PAKHOMO LA MINIBASI

Mukafika pa depoti ya Mzimba m'mawa, imani kaye mumvetsere mmene anthu akuyambira kulankhula ndi makondakitala. Ambiri mawu awo oyamba ndi akuti, "Jenda zingati?" Kondakitala naye amangotchula mtengo, maso ali kwina, n'kuloza mpando wakumbuyo. Palibe walakwa, koma anthu awiriwa ayenda limodzi ngati ogulitsana nkhuku.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ife tinaphunzitsidwa kuti Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Allah zikhale pa iye) anatilamula kufalitsa moni, ndiponso kuti kumwetulira m'bale wako ndi sadaka. Chodabwitsa n'chakuti ambirife maphunzirowa timawasiya pakhomo la mzikiti pamodzi ndi fumbi la nsapato. Kondakitala sitimuwerengera.

Kuno ku Mzimba chilankhulo cha pamsewu ndi Chitumbuka, ndipo anthu ambiri ndi Akhristu. Choncho si aliyense amene mungamupatse Salaam n'kudziwa choyankha. Ngati dalaivala mukumudziwa kuti ndi Msilamu, mpatseni Salaam yonse. Ngati simukudziwa, moni wa kwawo ndi wokwanira. M'mawa nenani kuti "Mwawuka uli, adada?" Dzuwa likapendeka, "Mwatandala uli?" Ndipo "Monire" amagwira nthawi iliyonse. Chichewa amachimva bwinobwino, koma akamva mlendo akuyesa chilankhulo chawo, ngakhale mopotoka, nkhope imamasuka.

Tsiku lina ndinali pa ulendo wa ku Jenda nditanyamula katoni ya mabuku a ana a ku madrasa. M'thumba ndinali ndi ndalama imodzi yokha ya K5,000, yomwe m'mawa makondakitala amadana nayo chifukwa amakhala asanatolere chenji. Oitanira atatu anandithamangira, wina n'kugwira katoni. Apa mpofunika kusamala: woitanira si kondakitala. Iye ntchito yake imathera pa depoti, ndipo zimene angakulonjezeni zimatsala naye pomwepo. Kondakitala ndi amene waima pachitseko, ndalama zili m'manja, amene mupite naye limodzi. Oitanirawo ndinawayankha mwaulemu, koma ndinalunjika kwa iyeyo.

"Monire adada. Mwawuka uli?"

Mnyamatayo anali wamng'ono kwa ine, ndipo kutchedwa "adada" kunamuseketsa. "Yewo, ashehe. Tawuka makora, kwali imwe?"

Nditayankha, m'pamene ndinanena zinthu zitatu ndisanakwere: kumene ndikutsikira, ndalama imene ndili nayo, ndi zimene zili m'katoni. Ndinamuuza kuti muli mabuku a Mulungu, sayenera kupondedwa kapena kusanjikizidwa ndi matumba onyowa. Mtengo sanatsitse ngakhale tambala, ndipo katoniyo anailipiritsa. Koma anaiika yekha pamalo ouma, nauza mayi wina kuti chigubu chake cha mafuta achisunthire uko. Chenji sindinachite kukumbutsa; titangolowa mumsewu wa M1 anandigwira paphewa n'kundipatsa. Amene mwakhalapo mukufuula "chenji changa!" kuchokera mpando wakumbuyo mukudziwa kukula kwa nkhaniyi.

Chifukwa chake n'chosavuta. Kondakitala amaona nkhope zambirimbiri pa tsiku, ndipo amakumbukira okhawo amene walankhula nawo. Mukapereka moni ndiye kuti mwamuimitsa kamphindi, wakuyang'anani, ndipo zimene munene pambuyo pake zimalowa m'mutu. Mukayamba ndi mtengo, amamva mtengo wokhawo.

Pamatakisi ang'onoang'ono ochokera pa Jenda kupita ku Embangweni, dalaivala ndi yemweyonso wotolera ndalama, ndipo anthu amakhala mothithikana. Mlongo amene safuna kupanikizana ndi amuna achilendo anene zimenezi atangopereka moni, galimoto isanadzaze. Nthawi imeneyo dalaivala akhoza kumukhazika pafupi ndi amayi anzake popanda kuchotsa munthu pampando. Akadikira mpaka onse atakhala, pempho lomwelo limasanduka mkangano.

Komabe tisanamizane, moni si mankhwala a chilichonse. Alipo ena amene mukawapatsa moni amangoti "Kwerani, kwerani" osakuyang'anani n'komwe. Musakhumudwe, mphotho yanu kwa Allah yalembedwa kale. Kungoti za chenji ndi katundu muziyang'anire nokha. Moni sakonzanso matayala akutha, ndipo dalaivala akamanunkha mowa, muyankheni bwino koma dikirani galimoto ina. Palinso moni wachinyengo, uja wotalika dala kuti pamapeto munthu apemphe kuchotseredwa mtengo. Makondakitala amaudziwa msanga, ndipo ukatuluka pakamwa pa munthu wovala mkanjo ndi chisoti, manyazi ake amagwera tonsefe.

Titafika pa Jenda, mnyamata uja anatsitsa katoni ndi manja awiri, naipukuta fumbi ndi malaya ake. Ndinati, "Yewo chomene, adada." Iye anali atayamba kale kuitanira a ku Kasungu.