Zotsatsa za pa Facebook zikatsika: kalata yopempha kasitomala kuti adekhe

Eni mashopu ambiri masiku ano amalipira munthu wodziwa kutsatsa malonda pa Facebook ndi Instagram kuti aziwayendetsera zotsatsa zawo. Mkangano pakati pa awiriwa umakonda kubuka m'sabata imene china chake chasinthidwa. Ndalama zikutuluka monga kale, koma ofunsa katundu achepa. Apa wotsatsa uja amayenera kulemba kalata yofotokoza chachitika, ndipo kalata imeneyi ndi imene imaonetsa ngati akuidziwadi ntchito yake.

Gwero la vutoli lili m'makina a Meta, kampani imene ili ndi Facebook. Gulu la zotsatsa likangoyamba, kapena likasinthidwa kwambiri, makinawo sadziwa kuti ndani angachite nazo chidwi. Amaonetsa uyu, amaonetsa uyo, n'kumaona amene akuyankha. Pa nthawiyi, mu Ads Manager, pansi pa mawu akuti Delivery pamaoneka mawu akuti Learning, kutanthauza kuti makina akuphunzira. Meta imanena kuti kuphunziraku kumatha pakapezeka zotsatira pafupifupi 50 m'masiku 7 kuchokera pa kusintha komaliza. Zisanakwane, mtengo wa chotsatira chimodzi umakwera ndi kutsika mosadalirika, chifukwa ndalama zina zikupita kwa anthu amene sangagule.

Tiyerekeze mayi wogulitsa nsapato za ana asukulu ku Limbe. Amaika K15,000 patsiku, ndipo chimene amafuna n'chakuti makolo azimulembera pa WhatsApp. Uthenga umodzi unkamudyera pafupifupi K1,500, kutanthauza anthu 10 patsiku. Lolemba wotsatsa wake waika zithunzi zatsopano, ndipo pofika Lachitatu uthenga umodzi wafika pa K2,500. Anthu ndi 6 okha. Mayi mtima uli m'mwamba, ndipo palibe angawadzudzule, poti ndalama zake n'zothamangira.

Kalata yabwino imayamba ndi zimene mayiwo aona kale, osazizemba. Mwachitsanzo: "Amayi, mwaona kuti mauthenga atsika kuchoka pa 10 kufika pa 6 patsiku. Zachitika chifukwa Lolemba tinasintha zithunzi, ndiye makina ayambiranso kufufuza anthu oyenera. Mpaka lero tapeza mauthenga 18 mwa 50 amene akufunika. Ndikupempha kuti tisakhudze kalikonse mpaka Lolemba likubwerali, ndipo tsiku limenelo ndidzakutumizirani manambala onse."

M'mawu ochepawo muli chifukwa, nambala ndi tsiku. Ine ndikaona kalata yongoti "dekhani, zinthu zikhala bwino" popanda zitatuzi, ndimaikayikira, chifukwa pali otsatsa ena amene amabisala kumbuyo kwa kuphunzira kwa makina mwezi wathunthu.

Chofunika kwambiri kufotokoza ndi chifukwa chake akupempha kuti pasakhudzidwe kanthu. Munthu akaona malonda akutsika amafuna kuchitapo kanthu: kusintha chithunzi, kuwonjezera Zomba ndi Mulanje pa madera amene zotsatsa zikufika, kuika chotsatsa china m'gulu lomwelo, kapena kukweza ndalama kwambiri nthawi imodzi. Chilichonse mwa izi chikhoza kubweza chiwerengero chija pa ziro. Zili ngati kumafukula mbewu m'mawa uliwonse kuti uone ngati yamera. Mayi amene asinthitsa chithunzi Lachinayi alipira masiku okwera mtengo aja kawiri. Ngati pali zinthu zingapo zoti zisinthidwe, ndi bwino kuzisonkhanitsa n'kuzisintha tsiku limodzi.

Komabe pali nthawi imene kupempha kudekha kumakhala kunamiza munthu, ndipo masamu ake ndi osavuta. K15,000 patsiku ndi K105,000 pasabata, ndipo ngakhale uthenga utakhala pa K2,000, zotsatira zifika 52. Zitheka ndithu. Koma akadakhala kuti amaika K5,000 patsiku, pasabata ikanakhala K35,000, yomwe pa K1,500 ikupereka mauthenga 23 okha. Pamenepo pa sikirini padzaoneka Learning limited, ndipo kudikira sikungathandize. Wotsatsa woona mtima amalemba zimenezi poyera n'kupereka njira. Akhoza kuphatikiza magulu ang'onoang'ono a zotsatsa kuti ndalama zisamwazike, kukulitsa dera, kusankha chotsatira chimene chimachitika pafupipafupi, kapena kupempha kuti ndalama ziwonjezedwe ngati zilipo.

Kalatayo inenenso chimene chidzachitike ngati Lolemba lafika, mawu akuti Learning achoka, koma uthenga ukadali pa K2,500. Zikatero makina alibe mlandu. Ndiye kuti zithunzi zatsopano zija sizikukopa makolo, kapena mtengo wa nsapato umene walembedwa pa chithunzi ukuwabweza, ndipo wotsatsa alonjeze kuti adzabwezeretsa zithunzi zakale, ngakhale kuti kutero kudzayambitsanso sabata ina ya kuphunzira.