Chiwongola dzanja chikayamba kubereka chinzake

Nkhani iyi ndi yopeka, koma masamu ake ndi enieni. Mtsikana wina atangoyamba ntchito ya uphunzitsi ku pulayimale anasunga K100,000 ku bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama. Chaka chitatha, ndalamayo inabereka K20,000, ndipo iye anaganiza zokatapa phindulo kuti agulire nsapato.

Mphunzitsi mnzake wachikulire, mayi amene anatsala pang'ono kupuma pa ntchito, atamva zimenezi anamuitanira ku bolodi ana ataweruka.

"Mwana wanga, mukatapa K20,000 chaka chilichonse kwa zaka 10, mudzakhala mutadya zingati?"

"K200,000, amayi. Ndikaphatikiza ndi yanga ija, K300,000."

"Tsopano musatape. Lembani."

Mtsikanayo anatenga choko. Chaka chachiwiri, 20 peresenti sinawerengedwenso pa K100,000 koma pa K120,000, ndiye zinakwana K144,000. Chaka chachitatu K172,800. Apa anaima n'kunena kuti kusiyana kwake n'kochepa, ndipo sananame: wotapa uja akanakhala ataona K160,000. Anthu ambiri amagwa ulesi pomwepa, chifukwa zaka zoyambirira phindu lake silioneka ndi maso.

"Pitirizani," anatero mayiwo.

Chaka chachisanu ndalama inafika K248,832. Pofika chaka cha 10 inali itapitirira K619,000. Chimene chinam'dabwitsa kwambiri n'chakuti phindu la chaka chomaliza chokhacho linaposa K103,000, kupambana ndalama yonse imene anayamba nayo. Sanawonjezerepo ngakhale tambala. Phindu lililonse limene analisiya linasanduka mpamba, n'kuyamba kubereka lake.

Mayiwo sanam'bisire zovuta zake, ndipo mbali imeneyi ndi imene ine ndimaiona yofunika kwambiri kwa wosunga ndalama m'Malawi muno. 20 peresenti ija ndi chitsanzo chabe. Chiwongola dzanja chimakwera ndi kutsika, ndipo msonkho umadulapo gawo. Koma mdani wamkulu ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Ngati mitengo ikukwera ndi 25 peresenti pa chaka pamene ndalama yanu ikubereka 20, manambala m'buku akukula koma matumba a chimanga amene mungagule akuchepa. Amene anali ndi ndalama ku banki mu Novembala 2023, kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti, amadziwa kuwawa kwake.

"Ndiye musanasunge paliponse, funsani mafunso awiri," anatero mayiwo. "Kodi phindu limawonjezeredwa pa mpamba, kapena limaikidwa padera? Nanga likuposa mmene zinthu zikukwerera?"

Mawa lake mtsikanayo anapita ku ofesi ya bungwe lija. Anamuuza kuti phindu siliphatikizidwa lokha pokhapokha mwini wake atapempha. Anasaina fomu yopempha zimenezo, n'kuwonjezera kuti azimudula K10,000 pa malipiro mwezi uliwonse.